Bakapu ya Lachisanu lokha: mungataye ntchito ya masiku angati?

"Ndine msungichuma wa kabungwe kosunga ndi kubwereketsa ndalama ku Kawale, kuno ku Lilongwe. Mamembala tilipo pafupifupi 900. Zonse zathu zili m'detabesi ya PostgreSQL pa kompyuta imodzi ya Ubuntu ku ofesi, ndipo akuti kukula kwake ndi magigabaiti 3. Mnyamata wathu wa makompyuta amaika bakapu pa fulashi Lachisanu lililonse pogwiritsa ntchito pg_dump. Wina watiuza kuti zimenezi n'zachikale, tikufunika bakapu yongowonjezera komanso ina yotha kubwerera ku nthawi iliyonse. Zimasiyana bwanji, nanga ife tisankhe iti?" Mayi wa ku Kawale

Mayi, musanagule kanthu, tengani kaye buku la malisiti muwerenge kuti pa tsiku mumalemba angati. Tinene kuti ndi 120. Kompyuta ija itafa Lachinayi madzulo, pa fulashi pali za Lachisanu lapitalo, ndiye kuti za Lolemba, Lachiwiri, Lachitatu ndi Lachinayi zapita. Amenewo ndi malisiti 480 oti munthu akhale pansi n'kulowetsanso limodzilimodzi, kwinaku mamembala ali pakhomo kufuna kudziwa kuti ngongole yawo yatsala zingati. Komiti yanu iyankhe mafunso awiri ndipo mayankho alembedwe: ndi ntchito ya nthawi yaitali bwanji imene mungapirire kuilowetsanso, nanga ofesi ingakhale osathandiza anthu kwa maola angati? Mtundu wa bakapu umachokera pa mayankho amenewa. Bungwe logwira ndalama za anthu ine ndimalilangiza kuti lisalole kutaya zoposa mphindi zochepa, ndipo lithe kutsegulanso tsiku lomwelo.

Mitundu itatuyi imamveka bwino tikaiyerekeza ndi mabuku amene munkagwiritsa ntchito makompyuta asanabwere. Bakapu yathunthu ili ngati kutenga leja yonse kupita nayo pa fotokope n'kujambula tsamba lililonse, kuyambira loyamba mpaka lomaliza. Imadya malo ndi nthawi, koma imaima payokha: mukakhala nayo m'manja, muli ndi buku lonse monga linalili tsiku limenelo.

Yongowonjezera ndi kujambula masamba okhawo amene alembedwapo kanthu chijambulireni komaliza. Lolemba mwajambula buku lonse, Lachiwiri masamba osintha okha, Lachitatu chimodzimodzi, Lachinayi chimodzimodzi. Kujambula kwake n'kwachangu, koma tsiku la tsoka muyenera kukhala ndi mulu wa Lolemba, wa Lachiwiri, wa Lachitatu ndi wa Lachinayi, yonse ili bwinobwino, n'kuisanja motsatana. Wa Lachitatu ukawonongeka, wa Lachinayi ulibenso ntchito, mwatsala ndi za Lachiwiri. PostgreSQL inayamba kuchita zimenezi payokha mu veshoni 17, imene inatuluka mu 2024. Mumayatsa `summarize_wal`, n'kujambula ndi `pg_basebackup --incremental`, ndipo pobwezeretsa mumalumikiza zidutswazo ndi `pg_combinebackup`. Njirayi anaipangira madetabesi aakulu, amene kujambula onse kumatenga usiku wathunthu. Yanu ya magigabaiti 3 imalowa pa hadi disiki m'mphindi zowerengeka. Kuidula zidutswa n'kungodziwonjezera malo oti zinthu zilakwikirepo popanda phindu looneka, choncho yongowonjezerayi isiyeni. Apa amene anakulangizaniyo sindikugwirizana naye.

Pa yachitatu, yotha kubwerera ku nthawi iliyonse, ndiye ananena zoona, ndipo ndikhalitsapo.

Detabesi ikamasintha kanthu, isanakhudze leja yeniyeniyo imayamba yalemba m'kabuku kena kuti "pa tsamba lakuti, mzere wakuti, ndasintha chakuti." Kabuku kameneka dzina lake ndi WAL, ndipo kali ngati makaboni otsala m'buku la malisiti: chilichonse chochitika chimasiya kaboni, motsatana, ndipo pamene ntchito yatsirizika pamalembedwa nthawi yake. N'chifukwa chake magetsi akazima mwadzidzidzi, PostgreSQL nthawi zambiri imadzuka bwinobwino: imawerenga makaboni omaliza n'kumaliza zimene inasiyira panjira. Makaboniwa amakhala m'mafayilo a mamegabaiti 16 iliyonse, ndipo mukapanda kuiuza kanthu, detabesi imafufuta akale ikaona kuti siikuwafunanso. Kubwerera ku nthawi imene mwasankha kumatheka mukaiuza kuti fayilo iliyonse ikadzaza, iikopere kaye pamalo ena. Mukakhala ndi fotokope ya buku lonse ya Lolemba pamodzi ndi makaboni onse kuyambira pamenepo, mutha kumanganso bukulo n'kuima pa mphindi iliyonse imene mukufuna.

Pali msampha umodzi umene umakola anthu ambiri. Bakapu ya `pg_dump` siigwirizana ndi makaboniwa. `pg_dump` siijambula masamba, imachita ngati kalaliki wokopera zonse ndi dzanja m'buku latsopano. Manambala onse ndi olondola, koma zimene zinali pa tsamba 412 tsopano zili pa tsamba lina, ndiye kaboni wonena za tsamba 412 alibe pogwira. Yogwirizana ndi makaboni ndi fotokope yeniyeni, imene imapangidwa ndi `pg_basebackup`. Mnyamata wanu asasiye `pg_dump`, ili ndi ntchito yake imene nditchule kutsogoloku, koma awonjezerepo ya `pg_basebackup`.

Zimene ayenera kulemba mu `postgresql.conf` ndi izi, kenako ayambitsenso detabesi:

```
wal_level = replica
archive_mode = on
archive_command = 'test ! -f /mnt/bakapu/wal/%f && cp %p /mnt/bakapu/wal/%f'
archive_timeout = 300
```

Malo a `/mnt/bakapu` akhale hadi disiki ina yapadera, yokhala ndi foda ya `wal` imene mwini wake ndi `postgres`, osati foda ya pa disiki yomweyo imene pali detabesi, chifukwa disiki ikafa imapita ndi zonse zili pamenepo. Mzere womalizawo ndi yankho la funso loyamba la komiti lija. Ofesi yaing'ono itha kutenga maola ambiri isanadzaze fayilo imodzi, ndipo fayilo yosadzaza siikopedwa. Nambala ya 300 ikunena kuti pakapita masekondi 300, kutanthauza mphindi zisanu, pali chimene chalembedwa, fayiloyo itsekedwe n'kutumizidwa ngakhale isanadzaze. Choncho disiki ikafa, mwataya za mphindi zisanu zomaliza basi. Mtengo wake ndi malo: fayilo yotsekedwa msanga imakhalabe ya mamegabaiti 16, ndiye kuyambira 8 koloko m'mawa mpaka 5 koloko madzulo atha kutuluka mafayilo 108, pafupifupi magigabaiti 1.7 pa tsiku. Pa hadi disiki ya terabaiti imodzi zimenezi si kanthu. Kuzitumiza pa intaneti ndi bandulo zili chomwecho kungakupwetekeni m'thumba, pokhapokha ataziphwatalala kaye ndi `gzip`, ndipo zimachepa kwambiri chifukwa mbali yaikulu ya mafayilowo imakhala yopanda kanthu.

Fotokope ya buku lonse ichitike kamodzi pa sabata:

```
pg_basebackup -D /mnt/bakapu/2025-03-10 -P
```

Mabuku ambiri a makompyuta amati bakapu izichitika pakati pa usiku. Kuno kwathu ndimakana. Maofesi ang'onoang'ono ambiri amathimitsa zonse poweruka, ndipo ngakhale asiye kompyuta ili yoyaka, magetsi akathima usiku palibe wodzutsa jenereta. Bakapu yoikidwa 2 koloko usiku imangodumphidwa popanda wodziwa. Ikani Lolemba 12:30 masana, anthu akupita kukadya, moto ulipo, munthu woyang'ana alipo. `pg_basebackup` ndi `pg_dump` zonse zimagwira ntchito detabesi ili mkati mothandiza anthu, palibe chifukwa chotsekera kauntala.

Tsopano tiyerekeze tsiku la tsoka, ndipo ndasankha dala tsoka limene kompyuta siinawonongeke, chifukwa ndi limene bakapu ya Lachisanu singakuthandizeni bwino. Ndi Lachinayi pa 13 Malichi 2025. Membala wina ngongole yake inalembedwa molakwika, ndipo 2:40 masana mnyamata wanu akufuna kuikonza mwachindunji m'detabesi. Walemba kuti:

```
UPDATE ngongole SET yotsala = 250000;
```

Waiwala mbali ya `WHERE`, imene imanena kuti ndi membala uti. Detabesi siifunsa kawiri. Aliyense amene ali m'tebulo la ngongole tsopano watsala ndi K250,000, wa ngongole ya miliyoni ndi amene anangotsala pang'ono kumaliza, onse mofanana. Palibe chimene chalira kapena kufiira pa sikirini. Zadziwika 3:15, pamene gogo wina wogulitsa tomato waima pa kauntala ndi kabuku kake m'manja, akuti, "Mwanawe, ine ndinatsala ndi K18,000, izi zachokera kuti?"

Choyamba ndi kuimitsa makalaliki onse, asalowetsenso kanthu, apitirize ndi malisiti a pepala. Chachiwiri, munthu asayese kukonza pokumbukira kapena kufufuta kanthu pa kompyutayo. Mnyamata wanu alembe `SELECT pg_switch_wal();` kuti makaboni omaliza atumizidwe ku disiki ya bakapu. Kenako atenge kompyuta ina, ngakhale laputopu, yokhala ndi Ubuntu ndi PostgreSQL ya veshoni yaikulu yofanana ndi ya ku ofesi. Ngati ku ofesi ndi 16, ukunso ikhale 16, chifukwa fotokope ya mtundu uwu siitsegulika pa veshoni ina. Aimitse detabesi ya pa laputopuyo, akhuthule foda yake ya deta, akoperemo za Lolemba pa 10 Malichi, aonetsetse kuti mwini wa mafayilo ndi `postgres`, n'kulemba izi mu `postgresql.conf`:

```
archive_mode = off
restore_command = 'cp /mnt/bakapu/wal/%f %p'
recovery_target_time = '2025-03-13 14:39:00+02'
```

Mzere woyambawo ukuletsa laputopu kuyamba kuponya makaboni ake m'nkhokwe ya ofesi. Pa womaliza, `+02` ndi nthawi ya kuno ku Malawi, imene ili maola awiri patsogolo pa nthawi ya UTC. Ma seva ambiri amayenda pa UTC, ndipo mukaiwala `+02` detabesi itha kumva 14:39 ngati 4:39 madzulo ya kuno, n'kudutsa cholakwika chija osaima. Pomaliza apange fayilo yopanda kanthu dzina lake `recovery.signal` m'foda ya deta. Imeneyi ndi njira ya kuyambira veshoni 12, malangizo akale otchula `recovery.conf` asawatsatire. Akayatsa, detabesi iwerenga makaboni a Lolemba masana, Lachiwiri, Lachitatu mpaka Lachinayi 2:39, n'kuima kudikira.

Ikaima pamenepo mutha kuwerenga koma simungalembe, ndipo iyi ndi nthawi yanu inuyo, Mayi, osati ya mnyamata uja. Onani ngongole ya gogo uja ngati ikuti K18,000. Onani lisiti lomaliza kulowa lisanakwane 2:40 ngati lilipo. Mukapeza kuti mwaima msanga kwambiri, athimitse, asunthe nthawi patsogolo pang'ono, ayatsenso, ipitirira pomwe inalekera. Koma mukapeza kuti mwapitirira, ma K250,000 aja alipo kale, kubwerera m'mbuyo kulibe: ayambirenso pokopera za Lolemba. Choncho ngati simukudziwa mphindi yeniyeni, yambirani kumbuyo n'kumasendera pang'onopang'ono. Mukakhutira, `SELECT pg_wal_replay_resume();` imatsegula detabesiyo kuti iyambe kulandira zatsopano.

Dziwani kuti njirayi imabweza detabesi yonse, siisankha tebulo limodzi. Malisiti amene analowa pakati pa 2:40 ndi 3:15, tinene kuti ndi 14, sakhalamo. Ena amakonda kutenga tebulo la ngongole lokha pa laputopu n'kulibwezera pa kompyuta ya ofesi kuti asataye malisitiwo. Pa mabuku a ndalama ine sindikonda zimenezo, chifukwa ena mwa malisiti 14 aja anali obweza ngongole, ndipo anachotsedwa pa manambala olakwika. Matebulo amatha kusemphana, n'kudzatulukira pa kutha kwa mwezi mabuku akukana kulingana. Ndi bwino kubwereza ndondomeko yomweyi pa kompyuta ya ofesi, foda yakale ya deta mutaisunthira pambali osaifufuta, ndipo kumeneko `archive_mode` ikhalebe yoyaka. Kenako kalaliki alowetsenso malisiti 14 kuchokera pa pepala, n'kutenga bakapu yathunthu yatsopano tsiku lomwelo.

Njira imeneyi ili ndi matenda ake, ndipo lalikulu ndi ili: makaboni ayenera kukhala osaduka. Fayilo imodzi ya Lachiwiri ikasowa, kuwerenga kumathera pomwepo, za Lachitatu ndi Lachinayi simuzifikira. Komanso wina akazula hadi disiki ya bakapu, kaya pokolopa kaya kuti alumikize foni, detabesi siitaya makaboni amene sanatumizidwe. Imawaunjika m'foda ya `pg_wal` kudikira. Masabata akapita disiki yaikulu imadzaza ndipo detabesi imaima. Zikatero munthu asalowe m'fodayo kukafufuta ndi dzanja kuti apeze malo, chifukwa kutero kutha kuwononga detabesi yonse. Abwezeretse disiki ija, mafayilo ayenda okha. Kuti muzidziwa zisanafike pamenepo, m'mawa uliwonse wina aone izi:

```
SELECT last_archived_time, failed_count FROM pg_stat_archiver;
```

Nthawi yoyambayo ikhale ya posachedwa, ndipo nambala yachiwiri isamakwere. Ikakwera poyerekeza ndi dzulo, china chake chatsekeka.

Zoyang'anazi sindinena mongomva. Ndinaitanidwapo ku ofesi ina kuno mumzinda, kompyuta yawo itapsa ndi mphenzi nthawi ya dzinja. Mayi woyang'anira anatulutsa fulashi mu envulopu, yomangidwa bwino ndi labala, ali ndi chikhulupiriro chonse. Titatsegula tinapeza mafayilo ondondozana bwino, lililonse ndi deti lake, koma a miyezi inayi yomaliza kukula kwake kunali 0. Pasiwedi ya detabesi inasinthidwa, kapulogalamu ka bakapu kanapitiriza kupanga mafayilo opanda kanthu, ndipo panalibe amene anayesapo kutsegula ngakhale limodzi. Mayiwo anakhala pansi osayankhula kwa kanthawi ndithu. Anthu atatu anatha masabata akulowetsa za m'mabuku a pepala, ndipo mpaka lero ndikakumbukira nkhope yawo mtima umandiwawa.

N'chifukwa chake ndikupemphani kuti kamodzi pa mwezi muchite zonse ndafotokoza zija pa laputopu, popanda tsoka lililonse. Sankhani nthawi ya dzulo, mubwezeretse, muyerekeze ndalama zonse zosungidwa ndi ngongole zonse ndi lipoti la tsikulo. Yang'anani wotchi poyamba ndi pomaliza, chifukwa nthawi imene mwapezayo ndiyo yankho loona la funso lachiwiri la komiti. Mwezi wina achite munthu wina, osati mnyamata uja, akungotsatira zolembedwa pa pepala. Pamene wakakamira, pepalalo likusowa mzere. Anthu amadwala, amapita ku maliro kumudzi kopanda netiweki, amapeza ntchito kwina, ndipo bungwe lisadalire mutu wa munthu mmodzi. Mukayesa koyamba mudzatulukiranso kuti pa Ubuntu mafayilo a `postgresql.conf` ndi `pg_hba.conf` amakhala ku `/etc/postgresql`, kunja kwa foda ya deta, ndiye `pg_basebackup` siiwatenga. Akopedwe paokha.

Zonsezi zikadali m'chipinda chimodzi. Akuba akathyola ofesi amanyamula kompyuta ndi disiki yolumikizidwa nayo. Moto suusankha, ndipo mavairasi otseka mafayilo n'kufuna dipo amatsekanso disiki iliyonse imene ayipeza yolumikizidwa. Apa ndi pamene `pg_dump` ikubwereranso. Tsiku lililonse musanaweruke itengedwe ndi `pg_dump -Fc`, imene imatuluka yophwatalala kale ndipo kawirikawiri imachepa kwambiri poyerekeza ndi detabesi yeniyeniyo, itsekedwe ndi `gpg -c`, n'kutumizidwa kunja kwa ofesi, kaya pa intaneti kaya pa disiki yopita kunyumba kwa wapampando. Madisiki otuluka akhale awiri osinthana, kuti nthawi iliyonse imodzi ikhale kutali ndi ofesi. Kutsekako sikuti n'kwa fasho: m'menemo muli mayina, manambala a ziphaso ndi ngongole za anthu, ndipo disiki imatha kutsala mu minibasi pa depoti. Mawu otsekulira alembedwe pa pepala, m'maenvulopu awiri omata, ina kwa inu, ina kwa wapampando. Komiti idziwe poyera kuti ofesi ikapsa, mubwerera ku za madzulo a tsiku limene bakapu inatuluka komaliza, osati ku mphindi zisanu zija.

Pa zosunga nthawi yaitali, mafotokope athunthu anayi omaliza ndi makaboni onse kuyambira pa lakale kwambiri mwa anayiwo akukwanirani kubwerera ku mphindi iliyonse ya masabata atatu apitawa. Makaboni akale kuposa pamenepo amachotsedwa ndi `pg_archivecleanup`. Koma zolakwika zina, ngakhale zachinyengo, zimatulukira pamene owerengera mabuku abwera kumapeto a chaka. Choncho `pg_dump` ya tsiku lotseka mwezi isafufutidwe, iziikidwa padera mwezi ndi mwezi. Ili ndi ubwino winanso woti imabwezeretseka pa veshoni yatsopano ya PostgreSQL ngakhale papite zaka. Siitenga mayina a ogwiritsa ntchito detabesi ndi mapasiwedi awo, ndiye pambali pake pazikhala kafayilo kotuluka mu `pg_dumpall --globals-only`.

Sabata ino yambani ndi fulashi ya Lachisanu lapitali. Mnyamata wanu aibwezeretse pa laputopu ndi `pg_restore`, kapena ndi `psql` ngati fayiloyo ndi ya `.sql`, inu muli pomwepo ndi lipoti la tsikulo m'manja. Manambala akagwirizana, mugule mahadi disiki atatu, imodzi yokhala pa kompyuta ya ofesi ndi ziwiri zosinthana, ndipo Lolemba lotsatira 12:30 atenge `pg_basebackup` yoyamba, makaboni atawayatsa kale m'mawa.